Ngongole ya ku holoselo yakwana, ndalama zaperewera: njira 5 zopemphera nthawi ndi yomwe ingakuyenereni

Amene ali ndi golosale m'dera la alimi amaudziwa mwezi wa Febuluwale. Chimanga chatha m'nkhokwe, ndalama zonse zinapita ku feteleza ndi fizi, msika wa fodya ku Kanengo udzatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo kasitomala amene ankagula paketi ya shuga tsopano akufuna ka shuga koyeza. Koma invoisi ya ku holoselo sidikira fodya. Ndagwirapo ntchito yolemba mabuku a ngongole pa holoselo ina mu Lilongwe, ndipo ndinathandizapo mlamu wanga, amene ali ndi golosale pa Mponela, kukambirana ndi amene amamuodetsa katundu. Nkhani yake ndiyo ndiyende nayo pano, chifukwa manambala ake ndikuwadziwa bwino.

Mlamu wangayo anaoda katundu wa K2,400,000 pa 28 Januwale, pangano lake loti alipire pakatha masiku 14. Sabata imodzi tsiku lisanafike, anali ndi K700,000 yokha m'manja. Titakhala pansi ndi kope lake tinapeza kumene zinazo zinapita. K600,000 inali m'buku la ngongole za makasitomala: K250,000 ya aphunzitsi ndi anthu ena a malipiro a pamwezi, K350,000 ya alimi a fodya. K500,000 inali m'katundu amene anaodedwa ndi maganizo a Khirisimasi ndipo sankayenda, monga mabisiketi, sikwashi ndi mafuta odzola. K200,000 inali m'sopo, mchere ndi shuga, zomwe zinkatuluka tsiku ndi tsiku. K400,000 anaitenga yekha kukagula feteleza wobereketsa ndi kulipira fizi ya ana awiri.

Musanasankhe njira iliyonse, gawani ngongole yanu chimodzimodzi. Ndalama zomwe zili m'buku la makasitomala zachedwa chabe, zibwera. Za m'katundu wosayenda zagona, zimafuna kudzutsidwa. Koma zomwe zinatuluka m'bizinesi, ngati K400,000 ija, zadyedwa, ndipo zidzabwezedwa kuchokera pa phindu lokha. Anthu ambiri amapempha masabata awiri pa ndalama zomwe zinadyedwa, masabata awiriwo n'kutha osapeza kanthu, n'kupemphanso. Pa ntchito yanga ija sindinaonepo mwini holoselo atataya kasitomala chifukwa chochedwa kamodzi atanena yekha. Amene ankafufutidwa m'buku ndi amene anathawa foni, ndi amene anaphonya lonjezo lachiwiri lomwe analipanga okha.

Zoyezera zinayi

Njira iliyonse ndiiyeza ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo wake. Apa musamangoyang'ana chiwongoladzanja cholembedwa. Ngati akuchotserani kamtengo kotsika kamene mumapatsidwa, kapena akuimitsani kuoda mpaka mashelefu atayera, zimenezo ndi ndalamanso. Chachiwiri ndi kupezeka kwake, kutanthauza kuti ndani amene angapatsidwe njirayi ndipo mwini katundu amaivomera mosavuta bwanji. Chachitatu ndi ntchito yoisamalira: maulendo, malisiti, masiku oti muzikumbukira. Chachinayi ndi chiopsezo, makamaka zomwe zingachitikire dzina lanu zinthu zikapanda kuyenda monga munaganizira.

Pali nambala imodzi imene imalamulira zonsezi, ndiyo ndalama yotsala pa sabata yoipitsitsa. Mu Disembala mlamu wanga ankagulitsa za K1,500,000 pa sabata. Mu Febuluwale zinatsika kufika pa K900,000, ndipo sabata ya mvula yambiri inangofika K750,000. Pa K100 iliyonse yogulitsa, K15 inali phindu. Ndiye kuti sabata yabwinobwino phindu linali K135,000, sabata yoipa K112,500. Renti, mnyamata wothandiza, mlonda, magetsi, thiransipoti ndi kangachepe ka pakhomo zinkatenga K65,000 pa sabata. Zotsala zinali K70,000 pa sabata yabwino, K47,500 pa yoipa. Munthu wogulitsa za K900,000 pa sabata amadziona ngati angathe kulipira K300,000 Lachiwiri lililonse. Atha ndithu, koma akudula mpamba: sabata yotsatira aoda katundu wochepa, agulitsa zochepa, ndipo sabata yachitatu K300,000 ija siipezekanso.

Njira 1: Kusuntha tsiku, n'kudzalipira zonse kamodzi

Mtengo wake: Nthawi zambiri njirayi ndi yotchipa kuposa zonse. Ambiri sawonjezera kanthu pa masiku 7 kapena 14. Ena amawonjezera pang'ono tsiku likatalika. Tinene kuti awonjezera 3 pa 100 iliyonse pa mwezi, pa K2,400,000 ndiye K72,000. Mtengo wobisika ndi woti buku lanu limatsekedwa mpaka mutamaliza, ndiye katundu watsopano muzigula ndi kashi.

Kupezeka kwake: Ngati mwakhala mukulipira pa nthawi yake kwa chaka kapena kupitirira, pempho loyamba silikanidwa kawirikawiri. Koma masiku ataliatali anavuta kupeza. Pa 9 Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse, dola n'kuchoka pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, ndipo chaka chapitacho, mu Meyi 2022, inali itagwetsedwanso ndi 25 pa 100. Mwini holoselo amene ndalama yake inali m'manja mwa makasitomala nthawi imeneyo anailandira yokwanira pa pepala, koma sinathenso kugula makatoni omwe anatulutsa. Zimenezi sanaziiwale. Mukamupempha mwezi, m'mutu mwake akuwerengera makatoni.

Ntchito yake: Palibe zambiri. Tsiku limodzi, ulendo umodzi. Vuto lake ndi kusunga ndalama zochuluka kwa masabata angapo popanda kuzikhudza pamene maliro, matenda ndi abale akugogoda.

Chiopsezo: Chachikulu kwambiri pa njira zonse, ngakhale kuti imaoneka yophweka. Dzina lanu lonse mwalikoleka pa tsiku limodzi. Njirayi ndi yoyenera pokhapokha ngati mungathe kutchula kumene ndalamazo zichokere, kuchuluka kwake ndi tsiku lake, ndipo tsikulo lisadalire munthu amene nayenso akudikira wina. Mlamu wanga poyamba ankafuna kupempha mpaka pa 28 Febuluwale. Nditamufunsa kuti K1,700,000 idzachoka kuti pofika tsikulo, tinangopeza K250,000 ya aphunzitsi ndi phindu la masabata awiri ndi theka. Akanaphonya, ndipo akanaphonya tsiku lomwe anatchula ndi pakamwa pake.

Njira 2: Kupereka ina lero, yotsalayo pang'onopang'ono

Mtengo wake: Chiwongoladzanja chimakhala chochepa kapena osakhalapo ngati ndondomekoyo ndi ya miyezi iwiri kapena itatu. Onjezani ndalama zomwe amadula potumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki nthawi iliyonse, ndipo gwirizanani kuti zodula potapa alipira ndani, chifukwa tindalama timeneti timayambitsa mikangano pa tsiku lomaliza. Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Ena amafuna kuti ngongole ilembedwe m'katundu, monga mabelo 30 a shuga pa mtengo wa tsiku lolipira. Kwa iwo n'chilungamo, koma ndiye kuti mitengo ikakwera ngongole yanu ikukwera nayo. Ngati mungasankhe, ndi bwino kuvomera kachiwongoladzanja kodziwika kusiyana ndi ngongole yosadziwika mathero ake.

Kupezeka kwake: Zimadalira ndalama zomwe mwabwera nazo m'manja. Wobwera chimanjamanja akupempha chifundo, pamene wobwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a ngongole akukambirana za bizinesi. Musapereke zonse zomwe muli nazo. Pa K700,000 ija tinapereka K500,000, K200,000 n'kutsala yoodera sopo ndi shuga, chifukwa golosale yopanda shuga siibweza ngongole.

Ntchito yake: Yambiri. Pamafunika pepala limodzi, kapena uthenga umodzi wa pa WhatsApp umene onse awiri avomereza, wosonyeza ngongole yonse, zomwe zaperekedwa, ndi tsiku ndi ndalama ya gawo lililonse. Mukalipira, tumizani umboni nthawi yomweyo ndipo lembani zotsala: "Ndatumiza K80,000, yatsala K1,470,000." Kamodzi pa mwezi pemphani kuti akuonetseni tsamba lanu m'buku lawo. Ndinaonapo ndalama yotumizidwa ku nambala ya dalaivala wobweretsa katundu ikulephera kufika m'buku, ndipo kasitomala anadzamva patapita miyezi iwiri akutchedwa wabodza. Lipirani ku nambala kapena akaunti imene mwini wake wakupatsani, basi.

Chiopsezo: Gawo lililonse ndi lonjezo palokha, ndiye magawo 10 ndi mwayi 10 woonetsa kukhulupirika komanso mwayi 10 wophonya. Ngozi yake imabwera pa tsiku lokambirana lomwe. Munthu uli ndi manyazi, bwana wakwinya nkhope, ndiye umatchula nambala yaikulu kuti nkhani ithe msanga. Tchulani nambala ya sabata yoipitsitsa. Sabata ikayenda bwino, onjezani mwakufuna kwanu. Wolonjeza K80,000 n'kumatumiza K100,000 amaoneka wodalirika, pamene wolonjeza K150,000 n'kumatumiza K100,000 yomweyo amaoneka kuti akulephera.

Chiopsezo china n'choti ngati pa nthawiyi mwasiya kuoda kwa iwo n'kumakagula ndi kashi kwa anzawo oyandikana nawo, adzamva. Ku Malangalanga kapena ku Limbe, anyamata okweza katundu amadziwa aliyense amene wakweza kuti. Mwini holoselo zimamupweteka kwambiri kuona kashi amene akanachepetsa ngongole yake akulowa pa khomo la mnzake.

Njira 3: Kuoda ndi kashi, n'kumawonjezera kenakake pa ngongole yakale

Iyi ndi imene ndimaikonda, ndipo anthu ambiri saiganizira. Ngongole yakale imaimitsidwa payokha, osawonjezeka. Katundu watsopano yense mumalipira pompo, ndipo pa oda iliyonse mumawonjezera ndalama yogwirizana yopita ku ngongoleyo.

Mtengo wake: Kawirikawiri palibe chiwongoladzanja, chifukwa mwini katundu akupitiriza kupeza phindu pa oda yanu ya sabata ndi sabata. Mlamu wanga ankaoda za pafupifupi K750,000 pa sabata. Holoselo yotaya kasitomala wotere chifukwa cha ngongole yotsala ya K1,630,000 imene ikubwezedwa ndithu ndiye kuti sinawerengere bwino. Mtengo weniweni ndi ufulu wanu: kwa miyezi imeneyo simungathamangire kumene sopo watsika ndi K500 pa katoni.

Kupezeka kwake: Ndi ya anthu ooda pafupipafupi, sabata iliyonse kapena kawiri pa mwezi, kwa munthu mmodzimodziyo. Ngati mumaoda kamodzi pa nyengo, monga ogulitsa mbewu ndi feteleza, palibe oda yoti mukolekepo ngongole. Imafunanso kuti mukhale ndi kashi woyambira oda yoyamba.

Ntchito yake: Yocheperapo kuyerekeza ndi njira 2, chifukwa tsiku lolipira ndi tsiku looda lomwelo. Koma limbikirani malisiti awiri osiyana, lina la katundu wa lero, lina la ngongole yakale. Zikasakanikirana pa lisiti limodzi, pakatha miyezi iwiri palibe amene adzadziwe kuti yakale yatsala zingati, ndipo wolemba mabuku adzatenga nambala yokomera bwana wake.

Gwirizananinso ngati chowonjezeracho ndi nambala yokhazikika kapena gawo la oda, monga K10 pa K100 iliyonse. Gawo la oda limakupumitsani sabata yoipa, koma mwini katundu amaopa kuti muchepetsa oda dala. Nambala yokhazikika ndi yosavuta kuitsata ndipo imasonyeza tsiku lomaliza, n'chifukwa chake ambiri amaivomera msanga.

Chiopsezo: Oda yanu imachepa pang'ono sabata iliyonse, ndiye muyenera kusankha bwino zooda. Ino si nthawi yoyesera katundu watsopano. Odani zotuluka m'masiku 7: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, machesi, makandulo. Chizindikiro choti ndondomeko yakulemerani n'chosavuta kuona. Ngati kwa masabata atatu otsatizana oda yanu ikutsika pamene makasitomala akubwerera pa khomo chifukwa chosowa katundu, ndiye kuti mukubweza ngongole ndi mpamba, ndipo muyenera kubwerera kukakambirananso musanaphonye.

Njira 4: Kubweza katundu, kapena kusiya chikole kapena cheke

Ndaziika pamodzi chifukwa zonse ndi kupereka chinthu chogwirika m'malo mwa mawu, ndipo sizithetsa ngongole yonse pazokha. Zimathandizira njira zinazo.

Mtengo wake: Katundu wobwezedwa salandiridwa pa mtengo womwe munagulira. Mlamu wanga anabweza makatoni osatsegula a K300,000, ndipo anamuchotsera K270,000 pa ngongole. Anataya K30,000 ndi thiransipoti, koma katunduyo akanakhala pa shelefu mpaka Juni. Cheke cha tsiku lam'tsogolo sichidula kanthu chikadutsa, koma chikabwerera banki imakudulani chindapusa.

Kupezeka kwake: Amalandira katundu wosatsegula, woyera, wokhala ndi miyezi yambiri asanathe ntchito, ndiponso amene iwo angamugulitse msanga. Katoni yonyowa, yodyedwa ndi makoswe kapena yotsala miyezi iwiri musanyamule n'komwe. Cheke chimafuna akaunti yokhala ndi buku la macheke, imene eni magolosale ambiri alibe.

Ntchito yake: Kuwerenga katundu pamodzi pa tsiku lobweza n'kulandira pepala losonyeza kuti ngongole yachepa. Pa chikole, lembani chinthucho, momwe chilili, mtengo womwe mwagwirizana, ndi zomwe zidzachitike mukaphonya.

Chiopsezo: Pa cheke n'chachikulu. Chikabwezedwa chifukwa mulibe ndalama mu akaunti, mwini katundu amakhala ndi umboni wa pepala wosainidwa ndi inu, banki yanu nayo imadziwa, ndipo nkhani imene inali ya anthu awiri itha kufika kubwalo la milandu. Musalembe cheke pa ndalama zomwe mukungoyembekezera. Pa chikole, musakoleke chinthu chimene chimakupangirani ndalama. Filiji ya zoziziritsa kukhosi kapena njinga yamoto yonyamulira katundu ikapita, mwadula dzanja lomwe limabweza ngongoleyo.

Njira 5: Kubwereka kwina kuti mulipire pa tsiku lake

Mtengo wake: Mabanki nkhonde ambiri amatenga pakati pa 10 ndi 20 pa 100 iliyonse pa mwezi. Pa K1,700,000, chiwongoladzanja cha 20 ndi K340,000 pa mwezi, pamene phindu lotsala la mlamu wanga linali pafupifupi K280,000 pa mwezi. Ndiye kuti golosale yonse ikanagwirira ntchito chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo osasuntha. Katapila wa 50 pa 100 ndiye K850,000 pa mwezi, sitingakambe n'komwe.

Kupezeka kwake: Katapila amapezeka lero lomwe. Banki nkhonde imabwereketsa molingana ndi masheya anu ndi zomwe zili m'bokosi, ndipo kumayambiriro kwa chaka bokosi limakhala lopepuka chifukwa magulu ambiri amagawana mu Disembala. Ngongole ya kubanki kapena ku SACCO ndi yotchipirapo koma siituluka m'masiku 7 kwa munthu amene sanakonzekeretu.

Ntchito yake: Masiku a msonkhano, zindapusa zochedwa, ndi anzanu a m'gulu amene tsopano akudziwa za m'thumba mwanu.

Chiopsezo: Mwasunga dzina ku holoselo, koma mwasamutsira ngongole yopanda chiwongoladzanja kwa munthu wowerengera masiku. Ndimaona ambiri akusankha njirayi chifukwa cha manyazi okha, kuopa kuimirira pa kauntala n'kunena kuti zavuta. Pali pamene ili ndi nzeru: ndalama yoperewera ndi yochepa, masiku ndi ochepa, ndipo kasitomala ndinu watsopano amene mwangopatsidwa buku koyamba. K200,000 kwa mwezi umodzi pa 20 ndi K40,000, ndipo kulipira K40,000 kuti invoisi yanu yoyamba ikhale yoyera kungakhale kopindulitsa.

Kapemphedwe kake

Njira iliyonse mwa zinayi zoyambazo imayenda kapena kufa ndi momwe mwaipemphera. Pitani tsiku lisanakwane. Masiku 5 kapena 7 amapatsa mwini holoselo mpata wokonza zake, chifukwa nayenso ali ndi kampani imene ikumudikira ndipo ndalama yanu anaiwerengera kale. Lankhulani ndi amene ali ndi mphamvu pa buku, mwini wake kapena manijala. Selesimani akhoza kunena kuti palibe vuto, koma mawu akewo safika m'buku. Pitani nokha pamaso, m'mawa pakati pa sabata mzere usanatalike, ndipo pemphani kulankhula pambali.

Mlamu wanga anapita Lachiwiri, kutatsala masiku angapo, atatenga K500,000 ndi kope lake. Atapatsana moni anati: "Bwana, ndabwera ndisanaitanidwe. Invoisi ya pa 28 ija sindikwanitsa yonse pa tsiku lake. Ndabwera ndi K500,000, ndipo ndalemba momwe ndingamalizire yotsalayo. Muone ngati zingatheke."

Bwanayo anatsegula buku n'kufunsa funso limene onse amafunsa: "Mayi, katundu wanga munagulitsa. Ndalama zili kuti?"

Anawauza zoona, kuphatikizapo za feteleza ndi fizi. Tinali titakambirana kuti asabise zimenezo, ndipo asanamizire maliro kapena akuba. Anthu amenewa amamva nkhani za maliro tsiku ndi tsiku, ndipo bodza likadzaululika ndiye kuti ngakhale zoona zanu zam'tsogolo sizidzamvekanso. Bwanayo anadzudzula ndithu za K400,000 ija, ndipo anali ndi ufulu wotero. Iye sanatsutse, anangoti, "Ndinalakwitsa pamenepo, bwana, n'chifukwa chake ndabwera ndekha."

Zomwe anagwirizana zinaphatikiza njira zitatu. K500,000 tsiku lomwelo. Katundu wobwezedwa, K270,000. Yotsala inali K1,630,000. Pa oda ya kashi ya Lachiwiri lililonse, K80,000 yowonjezera kwa masabata 10, yonse K800,000. Nambalayi tinaipeza pophatikiza K47,500 ya sabata yoipa ndi K40,000 yochokera m'katundu wa invoisi ija amene anatsala pa shelefu, n'kusiyako pang'ono kopumira. Kumapeto kwa Febuluwale, aphunzitsi akalandira, K230,000. Yomaliza K600,000 m'magawo awiri, pa 15 ndi pa 31 Meyi, alimi atayamba kulandira za fodya ndipo malonda atadzuka. Bwanayo anafuna kuti ya sabata ikhale K150,000. Mlamu wanga anatsegula kope n'kuwaonetsa sabata ya K750,000 ija, nati: "Ndikavomera K150,000 ndikunamizani, sabata yachitatu ndidzaphonya. K80,000 sindidzaphonya." Anavomera, koma anati buku la ngongole yatsopano likhala lotseka mpaka Meyi atatha.

Madzulo ake anatumiza uthenga wobwereza manambala onse ndi masiku ake, n'kupempha bwanayo kuti ayankhe ngati zili momwemo. Yankho la mawu awiri limene bwanayo anatumiza ndilo linali pangano lawo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi mwana anagonekedwa m'chipatala ndipo golosale inatsekedwa masiku awiri. Lamlungu madzulo, osati Lachiwiri, anaimba foni: atumiza K50,000, ndipo K30,000 yotsalayo aiphatikiza pa sabata yotsatira. Anachitadi zomwezo. Mukaona kuti gawo lina silikwana, nenani kusanache, perekani zomwe zilipo, ndipo tchulani tsiku la zotsalazo. Zimenezi zimatheka kamodzi, mwina kawiri. Zikafika kachitatu ndiye kuti ndondomeko yonse inali yolakwika, ndipo ndi bwino kukhalanso pansi n'kuilemba mwatsopano kusiyana ndi kumapepesa sabata iliyonse.

Mungadziwe bwanji kuti chikhulupiriro chikuchepa ngakhale sakukuuzani? Oda yanu imayamba kukwezedwa pomalizira. Shuga kapena mafuta zikasowa pa msika, anzanu amagawiridwa inu n'kuuzidwa kuti zatha. Bwana amene ankayankha yekha foni amayamba kukutumizani kwa wolemba mabuku. Mukaona zimenezi, pitani mukafunse tsamba lanu, chifukwa nthawi zina pamakhala ndalama imene munatumiza koma sinalembedwe. Mlamu wanga anamaliza pa 31 Meyi, ndipo mu Juni buku lake linatsegulidwanso, poyamba ndi malire a K1,500,000.

Iti ikuyenera ndani

Ngati ndalama zanu zangochedwa, ndipo mukudziwa tsiku ndi munthu amene akulipireni, monga sukulu kapena kampani imene yavomereza kale invoisi yanu, pemphani kusuntha tsiku, koma onjezani sabata imodzi pa tsiku lomwe mwalonjezedwalo. Ngati mumaoda kwa munthu yemweyo sabata ndi sabata ndipo gawo lina la ndalama linatuluka m'bizinesi, njira 3 ndiyo yanu, chifukwa imasunga mashelefu odzaza ndipo imapatsa mwini katundu chifukwa chodikirira. Ngati mumaoda mwa apo ndi apo, kapena katundu wake ndi wa nyengo monga mbewu, malata ndi simenti, tengani njira 2, magawo ake muwaike pa masiku amene ndalama zimalowadi m'dera lanu: kumapeto kwa mwezi kwa anthu apantchito, Meyi mpaka Julayi kwa alimi.

Ngati vuto lalikulu ndi katundu wosayenda amene akadali m'makatoni ake, yambani ndi kubweza, kenako zotsalazo muzikonze ndi njira 2 kapena 3. Cheke chisiyireni amene ali ndi ndalama yotsimikizika yolowa mu akaunti tsiku lisanafike. Kubwereka kwina n'kwa amene waperewera pang'ono kwa masiku ochepa pa invoisi yoyamba kapena yachiwiri, asanakhale ndi mbiri yoti aimirirepo.

Ndipo ngati mwawerengera n'kupeza kuti ngakhale sabata yabwino siisiya kanthu mutachotsa renti ndi zina, palibe mwa njira zisanuzi imene ingagwire. Pamenepo pitani ndi kope lonse, bwezani katundu yense amene angalandiridwe, chepetsani ndalama zotuluka kapena sinthani malo a renti, ndipo gwirizanani kagawo kakang'ono ka pa mwezi kochokera ku ntchito ina kapena ku zokolola, kolembedwa ndi tsiku lake lomaliza.